Mawu a m'nkhani yowerenga afike m'chimangirizo chanu

Ophunzira ambiri okonzekera mayeso a chilankhulo chachiwiri amatenga pepala la mayeso akale, kuyankha mafunso a nkhani yowerenga, kuwerengera malikisi, n'kuthamangira pepala lina. Akafika pa chimangirizo amapeza kuti mawu omwe anakumana nawo dzulo sakubwera. Chifukwa chake n'chakuti kuzindikira mawu powerenga n'kosiyana ndi kuwatulutsa polemba. Nkhani imodzi iyenera kugwiridwa katatu kuti mawu ake akhale anu.

Ulendo woyamba, yankhani ngati muli m'chipinda cha mayeso: nthawi yomwe yalembedwa papepalapo, dikishonale ili kutali. Mawu achilendo muzingowadula mzere ndi pensulo. Mukatha, awerengeni. Kuti munthu amve nkhani bwinobwino ayenera kudziwa mawu 95 mpaka 98 pa 100 alionse, choncho m'nkhani ya mawu 500, achilendo asapitirire 25. Akaposa apo, ngakhale kuganizira tanthauzo kuchokera ku mawu oyandikana nawo sikutheka, poti oyandikanawo ndi achilendonso. Yambani ndi pepala losavutirapo.

Ulendo wachiwiri ndiwo wofunika kuudekhera. Pa mawu onse odulidwa mzere sankhani asanu ndi atatu kapena khumi okha, makamaka aneni ndi afotokozi omwe angagwire ntchito pa mitu yambiri. Dzina la mbalame yosowa lisiyeni, simudzalifuna. Lembani kaye tanthauzo lomwe mukuliganizira, kenako mutsimikize m'dikishonale. Ndipo m'kope musalembe liwu lokhalokha. Koperani pamodzi ndi mawu omwe layenda nawo m'chiganizomo.

Tione chifukwa chake ndi chilankhulo chathu chomwe. Tiyerekeze kuti munthu wophunzira Chichewa wawerenga nkhani ya kusefukira kwa madzi, ndipo wapeza chiganizo chakuti “Patatha masiku atatu madzi anaphwa.” M'kope mwake walemba kuti kuphwa ndi kuchepa. Sanalakwe kwenikweni. Koma pa chimangirizo chokamba za sukulu akulemba kuti “Ophunzira anaphwa m'kalasi.” Wochonga aliyense adula pamenepo. Akadakopera “madzi anaphwa”, n'kuwonjezera “chotupa chaphwa” ndi “tayala laphwa” kuchokera m'zitsanzo za m'dikishonale, akadaona kuti mneniyu amakamba za chinthu chomwe chinadzaza kapena kufufuma, kenako n'kutsika. Chilankhulo chilichonse chili ndi mawu otere, osankha anzawo oyenda nawo. Aperekezi ndiwo amavutitsitsa: mneni wodziwika bwino akatsatidwa ndi mperekezi wolakwika, chiganizo chimapunduka kapena tanthauzo limasinthiratu.

Ulendo wachitatu ubwere pakatha masiku awiri. Tsekani nkhaniyo, muilembe mwachidule m'mawu pafupifupi 100 pogwiritsa ntchito timagulu tamawu tomwe munakopera. Kenako tsegulani ndi kufananiza. Pomwe wolemba anagwiritsa ntchito mneni mmodzi koma inu mwazungulira ndi mawu asanu, chongani, pakuti mpata wanu uli pamenepo. Zimenezi zimathandizanso pa mafunso ouza wophunzira kuyankha m'mawu akeake, omwe ambiri amawalephera pongokopera chiganizo chonse cha m'nkhani.

Tsopano fufuzani m'mapepala akale a chimangirizo mutu woyandikana ndi nkhaniyo, monga tsiku la ngozi kapena kalata yofotokoza za kuwonongeka kwa malo. Lembani potsata nthawi ndi kuchuluka kwa mawu komwe pepalalo lalamula, mphindi zisanu zoyamba zikhale zokonza mfundo. Mulowetsemo timagulu tamawu tinayi kapena tisanu tokha. Kukakamiza onse khumi kumaonekeratu, ziganizo zimakhotetsedwa kuti liwu lipeze malo, ndipo wochonga amaona kuti mfundo yatayika. Kuloweza chimangirizo chathunthu n'koipa koposa apo, chifukwa funso likangosintha pang'ono, zolowezazo zimayankha funso lomwe silinafunsidwe.

Chimangirizocho chichongedwe ndi mphunzitsi kapena wina wodziwa bwino chilankhulocho, popeza cholakwa chomwe munthu sakuchidziwa sangachione yekha. Zolakwazo muzigawe m'magulu kumapeto kwa kope: nthawi ya mneni, kugwirizana kwa mneni ndi mwininkhani, aperekezi, kalembedwe ka mawu, zizindikiro za m'kalembedwe. Werengani kuti zilipo zingati pa mawu 100 alionse. Nambala imeneyi imaonetsa kusintha bwino kuposa malikisi, omwe amakwera ndi kutsika malinga ndi mutu. Gulu lomwe lachulukitsa ndilo mulilondole lokha powerenganso chimangirizo chotsatira, chiganizo ndi chiganizo.

Timagulu tamawu tija mutibwereze mawa lake, pakatha masiku atatu, ndiponso pakatha sabata, mutaphimba tanthauzo n'kupanga chiganizo chatsopano nthawi iliyonse. Mapepala awiri a zaka zaposachedwa muwasunge osawaona, kuti mudzadziyese nawo kutatsala sabata ziwiri kuti mulembe mayeso.