Simbi Yodontha Madzi Ndi Kuthimbiriritsa Zovala: Mafunso ndi Mayankho

"Simbi yanga yamagetsi ikumadontha madzi ndikamasita. Kodi yafa?"

Nthawi zambiri imakhala isanatenthe mokwanira. Madzi amasanduka nthunzi akagwera pa chitsulo chotentha kupitirira madigiri 100, ndipo chikazizirako amatuluka m'timabowo ali madzi omwewo. Yang'anani timadontho tojambulidwa pa kogudubuza kosinthira kutentha. Kadontho kamodzi ndi madigiri pafupifupi 110, kutentha kwa nsalu zosachedwa kupsa ngati nayiloni, ndipo pamenepo nthunzi muzitseka. Muziitsegula pa timadontho titatu, pafupifupi madigiri 200, kagetsi ka pa simbi katazima. Magetsi akathima muli mkati mosita, iimikeni chilili msanga, chifukwa ikamazizira ili chogona imanyowetsa chovala. Musathirenso madzi kupitirira mzere wa MAX.

"Nanga zofiirira zimene zikutuluka pa malaya oyera n'chiyani?"

Ndi litsiro la m'kati: mchere wa m'madzi wouma n'kukhala makoko, dzimbiri, ndi tiulusi topserera m'timabowo. Tiyerekeze mayi wa ku Chibavi amene mpopi ukauma amatunga madzi pachitsime n'kusunga mu dilamu yachitsulo. Lamlungu madzulo wathira madziwo m'simbi kuti asite yunifolomu ya mwana, akamaliza waisiya chogona, madzi ali momwemo sabata yonse. Lamlungu linalo akadina batani la nthunzi, matope onse aja amathera pakolala. Zonunkhiritsa zimene ena amathira m'kathanki nazonso zimapserera n'kutuluka zofiirira. Izo ndiye musayerekeze n'komwe.

"Ndiitsuke bwanji?"

Thirani madzi oyera mpaka pa MAX, nthunzi ili yotseka. Itenthetseni mpaka kumapeto, kagetsi kakazima muizule kumagetsi. Igwireni chogona pamwamba pa beseni lachitsulo, dinani batani lolembedwa Calc Clean kapena Self Clean, n'kumaigwedeza pang'onopang'ono. Padzatuluka madzi owira ndi timakoko, choncho manja ndi ana akhale patali. Zikatulukabe zakuda bwerezani. Kenako itenthetseninso n'kusita kansanza mpaka pansi pauma. Ngati batanilo palibe, dinani la nthunzi mobwerezabwereza pa thaulo lakutha.

Ambiri amathamangira viniga, koma opanga simbi ambiri amaletsa chifukwa amadya timphira ta m'kati. Muyambe mwawerenga kabuku kake.

"Malaya athimbirira kale, nditani?"

Musapitirize kusita pamenepo, kutentha kumakhazikitsa banga. Finyirani ndimu, wazani mchere, yanikani padzuwa, kenako muchape. Jiki ayi, dzimbiri limakanirira kwambiri likakumana naye.

"Ndatsuka koma ikudonthabe."

Onani kumene madzi akutulukira. Ngati ndi m'mbali kapena kumbuyo, kufupi ndi chingwe, simbi ili yozizira, ndiye kuti kathanki kang'aluka kapena mphira watha. Musailumikizenso kumagetsi mpaka wokonza zamagetsi ataiona, ndipo muyambe mwafunsa mtengo, poti kathanki ka simbi zotchipa sikapezekapezeka.