Matenda a von Willebrand: Pamene Magazi Akuchedwa Kusiya Kutuluka

Mwa matenda onse akumtundu amene amachititsa kuti magazi azichedwa kusiya kutuluka, ofala kwambiri ndi a von Willebrand. Dzinali ndi la dokotala wa ku Finland, Erik von Willebrand, amene mu 1926 analemba za banja lina la pa zilumba za Åland. Ana angapo a m'banjamo anali atamwalira chifukwa chotaya magazi, ndipo mtsikana amene dokotalayo anayamba kumuona ali ndi zaka 5 anadzamwaliranso atatha msinkhu, pa msambo wake wachinayi. Mpaka lero, msambo ndi umene umaulula matendawa kawirikawiri.

Chimene chimalakwika m'magazi

Mtsempha wa magazi ukang'ambika, tizidutswa ta m'magazi totchedwa mapulateleti timathamangira pabalapo n'kuunjikana kuti titseke. Koma magazi amathamanga, ndiye mapulateleti paokha sangagwire khoma la mtsempha. Pamafunika puloteni ya von Willebrand, imene imagwira ntchito ngati ulimbo: mbali ina imamata pakhoma long'ambikalo, mbali ina imakola mapulateleti. Puloteni yomweyi imanyamulanso ina yotchedwa fakitala 8, yothandiza magazi kuundana, n'kumaiteteza kuti isawonongeke msanga.

Odwala ambiri, pafupifupi atatu mwa anayi alionse, ali ndi mtundu woyamba: puloteni ilipo ndipo ndi yabwino, koma ndi yochepa. Mu mtundu wachiwiri ilipo koma sigwira bwino ntchito. Mtundu wachitatu ndi wosowa komanso woopsa, chifukwa puloteni palibiretu, ndipo mwana amautenga pokhapokha makolo onse awiri atamupatsira. Pa mtundu woyamba kholo limodzi ndi lokwanira, ndipo mwana aliyense wa khololo akhoza kutengera kapena ayi, theka kwa theka. Mosiyana ndi hemofiliya, matenda enanso akumtundu otaya magazi amene amagwira kwambiri amuna, matendawa sasankha mwamuna kapena mkazi. Si opatsirana.

Msambo wochuluka ndi uti?

Mayi amene amasamba kwambiri amauza mwana wake kuti, "Kwathu timatero." Akunena zoona, ndipo chimenecho ndicho chizindikiro chake. Banja lonse likazolowera kutaya magazi ambiri, palibe amene amaona chachilendo, ndiye mtsikana amatha zaka akumwa mankhwala owonjezera magazi popanda womufunsa kumene magaziwo akupita.

Msambo ndi wopitirira muyezo ngati ukutenga masiku oposa 7, ngati padi kapena nyanda ikudzaza pasanathe maola awiri, ngati mukudzuka usiku kukasintha, kapena ngati mukutuluka mibulu ikuluikulu ya magazi. Msambo wotere uli ndi zoyambitsa zambiri, monga zotupa za m'chiberekero. Chimene chimalozera kwa von Willebrand ndi pamene vutoli linayamba pa msambo woyamba weniweni, ndiponso pali zizindikiro zina: kamfuno wobwerezabwereza wopitirira mphindi 10, mikwingwirima yobwera popanda kugundidwa kwenikweni, magazi osasiya mutachotsa dzino, kapena wachibale amene anataya magazi ambiri pobereka kapena pa mdulidwe.

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 15 amene amasamba masiku 9, ndipo masiku atatu oyamba sapita kusukulu chifukwa amasintha padi ola lililonse. M'mimba mukamapweteka amamwa bulufeni. Kuchipatala apeza kuti magazi ake ndi ochepa, ali pa 8 pamene oyenera ndi 12 kapena kuposa, malungo alibe, ndipo mapulateleti ndi okwanira. Apa m'pamene ambiri amabwezedwa ndi mapiritsi a ayironi basi. Koma mapulateleti kukhala okwanira sikutsutsa matendawa, chifukwa cholakwika si chiwerengero chawo. Dokotala akafunsa bwino amva kuti mtsikanayu ali mwana ankatuluka kamfuno pafupipafupi, ndipo mayi ake anawonjezeredwa magazi atabereka. Mbiri imeneyi ndi yokwanira kuti amusiyitse bulufeni, ayambe kumuthandiza, ndi kumutumiza ku chipatala chachikulu.

Kuyeza kwake kuli ndi msampha

Kuyeza magazi kwa masiku onse sikuonetsa matendawa. Pamafunika kuyeza kuchuluka kwa puloteniyo, mphamvu yake, ndi fakitala 8, ndipo si labotale iliyonse imatha. Muyezo wa puloteniyo mwa munthu wabwinobwino umayambira pa 50. Ukatsika pansi pa 30 ndiye kuti matenda alipo, ndipo wa pakati pa 30 ndi 50 umaweruzidwa pamodzi ndi mbiri ya kutaya magazi. Vuto n'lakuti puloteniyi imakwera munthu akakhala ndi mantha, akathamanga, akadwala matenda ena, kapena akakhala woyembekezera. Mwana amene walira kwambiri pomutenga magazi akhoza kuoneka ngati alibe vuto. N'chifukwa chake kuyeza kamodzi sikukwanira ngati zizindikiro zilipo.

Chithandizo

Matendawa sachizika, koma kutaya magazi kumaletseka. Mankhwala oyambira ndi tiranekisamiki asidi, amene amateteza magazi oundana pabala kuti asasungunuke msanga. Pa msambo, wamkulu amapatsidwa kawirikawiri galamu imodzi katatu pa tsiku, kuyambira tsiku loyamba, osapitirira masiku 5. Muwalandire kwa dokotala, ndipo mumuuze ngati mukukodza magazi, monga zimakhalira ndi likodzo, chifukwa angaundanitse magazi m'njira ya mkodzo.

Mapiritsi olera amachepetsa msambo, ngakhale kwa mtsikana amene sakufunira kulera. Lupu yokhala ndi mahomoni imathandizanso kwambiri, koma lupu ya kopa imachulukitsa msambo, ndiye funsani kuti akukuikani iti. Ayironi ndi wofunika kubwezeretsa magazi otayika, ndipo amamwedwabe miyezi itatu magazi atabwerera m'malo.

Pochotsa dzino kapena pa opaleshoni, ambiri a mtundu woyamba amapatsidwa desimopuresini, imene imatulutsa puloteni yosungidwa m'makoma a mitsempha. Mukailandira muchepetse kumwa madzi kwa maola 24, chifukwa imasunga madzi m'thupi ndipo munthu akhoza kukomoka. Kwa a mtundu wachitatu sigwira ntchito, poti mosungiramo mulibe kanthu. Iwo amafunika kuthiridwa puloteniyo m'mitsempha.

Pa ululu imwani panado. Asipirini, bulufeni, dayikulofenaki ndi indosidi amafooketsa mapulateleti, ndipo mankhwala ena a mutu ogula m'magolosale ali ndi asipirini mkati, choncho muziwerenga papaketi. Kamfuno akayamba, khalani pansi, weramirani kutsogolo, tsinani mbali yofewa ya mphuno kwa mphindi 10 mpaka 15 osasiya kuti muone. Musagone chagada.

Amayi oyembekezera

Kwa a mtundu woyamba, puloteni imakwera mimba ikamakula, moti ambiri amabereka bwinobwino. Ngozi imabwera pambuyo. Mwana akabadwa puloteniyo imayamba kutsika, ndipo pakatha sabata imodzi mpaka zitatu imakhala yabwerera pamene inali. Apa mayi amakhala ali kunyumba, aliyense akuganiza kuti zoopsa zatha. Magazi akayambanso kuchuluka m'masabata amenewa, akamatuluka mibulu, kapena mukamamva chizungulire ndi mtima kuthamanga, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo.

Nenani za vutoli pa sikelo yoyamba, lilembedwe m'buku lanu la kuchipatala, ndipo mukachirire ku chipatala chimene chimatha kuwonjezera magazi. Mwana akabadwa wamwamuna, asapite ku mdulidwe, wa kuchipatala kapena wa ku jando, adokotala asanamve mbiri ya banja lanu.