Mowa uli pa mankhwala: pena ndi nseru chabe, pena ndi chiwindi

Mwezi ukatha anthu atalandira malipiro m'maesiteti a tiyi kuno ku Thyolo, funso limene ndimalimva kwambiri pazenera loperekera mankhwala ndi lakuti, "Adokotala, kabotolo kamodzi kokha kangavute?" Ife achipatala tinazolowera kuyankha kuti mowa ayi, basi. Koma yankho lokuta zonselo lili ndi vuto: munthu akamwa ali pa amokisilini osaona chovuta, amayesa kuti timangoopseza, ndipo tsiku lopatsidwa mankhwala oopsadi samveranso.

Bambo wina wothyola tiyi anabwera tsaya litatupa, dzino litachita mafinya. Tinamupatsa amokisilini ndi fulajilo, dzina lake lina metironidazo, kuti azimwa katatu patsiku. Tsiku lachitatu ululu utachepa, anadzera pa Luchenza n'kumwa kachasu pang'ono. Pasanapite nthawi nkhope inayamba kutentha, mutu kugunda, mtima kuthamanga ngati wakwera phiri, kenako kusanza kosalekeza. Mkazi wake anafika naye usiku akuti wadyetsedwa. Titamupatsa madzi a m'mitsempha anatsitsimuka.

Wolakwa pa awiriwo ndi fulajilo. Si aliyense amene zimamuchitikira, koma palibe njira yodziwiratu amene zimugwere, ndipo kwa wodwala mtima kapena wokalamba, kusanza kotere ndi kuthamanga kwa mtima si zamasewera. Choncho musalawe mowa masiku onse amene mukumwa fulajilo, ndipo mukameza piritsi lomaliza dikirani maola osachepera 48. Kwa mbale wake tinidazo dikirani maola 72. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Pa matenda opatsirana pogonana nthawi zina fulajilo timamupereka womwa kamodzi kokha, munthu n'kuganiza kuti wathana naye, madzulo omwewo ali pa chipanda. Mankhwalawo amakhala akadali m'magazi. Ndipo mowa ndi mowa: masese, Chibuku, wa m'botolo, ngakhale thobwa logonera limene layamba kusasa.

Komabe amene amandisowetsa tulo si fulajilo, chifukwa iye amakuwa, munthu n'kudziwa. Ndi mankhwala a chifuwa chachikulu. Mwa anayi amene amaphatikizidwa m'piritsi la miyezi iwiri yoyamba, atatu, rifampisini, isoniyazidi ndi pirazinamayidi, amalemetsa chiwindi. Mowa nawo umaphwanyidwira m'chiwindi momwemo. Munthu amatha kumwa Loweruka lililonse osamva kanthu, pamene mkati zikuwonongeka mwakachetechete, ndipo chithandizo chake ndi cha miyezi 6 yathunthu. Amene alinso pa ma ARV, kapena ali ndi matenda a chiwindi kale, ngoziyo imakula.

Achibale, inu ndi amene mumayamba kuona. Yang'anani m'maso mwa wodwala masana panja: koyera kuja kukasanduka chikasu, chakudya chikayamba kumukana, akamasanza kapena kumva kupweteka pansi pa nthiti za kumanja, mubwere naye tsiku lomwelo, musadikire tsiku lolembedwa m'buku. Mkodzo wofiirira ngati fanta usakuopseni, umenewo ndi mtundu wa rifampisini. Woopsa ndi wodera ngati tiyi wopanda mkaka, makamaka ukabwera limodzi ndi maso achikasu.

Nanga enawa? Amokisilini salimbana ndi mowa. Botolo limodzi silimulepheretsa kugwira ntchito, ngakhale lingawonjezere nseru ndi kutsegula m'mimba kumene mankhwalawa amabweretsa kale. Erithiromaisini amapotokola m'mimba, mowa umangokoleza. Sipuro amachititsa chizungulire, ndiye wa kabaza aganizire kawiri. Dokisi alibe vuto lalikulu ndi womwa mwa apo ndi apo, koma mwa munthu womwa kwambiri tsiku ndi tsiku chiwindi chimamutaya msanga, mphamvu yake n'kuchepa. Bakitilimu, amene ambiri amamwa limodzi ndi ma ARV, mwa anthu ochepa amachita zofanana ndi za fulajilo. Mukaona nkhope ikutentha ndi mtima kuthamanga mutamwa, siyani mowawo ndipo mutiuze.

Bambo uja, atachita mantha, anasiya mankhwala onse awiri, ndipo patatha sabata tsaya linatupanso kuposa kale. Ena amachita dala: amadumphitsa mapiritsi a Loweruka kuti amwe bwino pa ukwati, n'kudzayambiranso Lolemba. Kumeneko ndiye kupereka mpata kuti tizilombo tichulukanenso. Ngati muli pa amokisilini ndipo mwamwa kale mowa, mezani kapisozi wanu pa nthawi yake ndi madzi ambiri. Ngati ndi fulajilo ndipo mukudziwa mumtima kuti simupirira, nenani tisanalembe. Sitikukalipirani, ndipo pa matenda ena tili ndi mankhwala ena oti tingasinthe.