Kusiya kompyuta ipeze yokha chovala pachithunzi musanachisinthe

Pulogalamu yojambula ngati Stable Diffusion ikamasintha malaya pachithunzi cha munthu, imafuna kuuzidwa malo oti igwirepo ntchito. Timaiuza kudzera mu masiki, chithunzi chakuda ndi choyera chofanana kukula ndi chenichenicho. Poyera pamajambulidwa zatsopano, pakuda pamasiyidwa. Ambiri amapenta masiki ndi dzanja, kutsatira m'mbali mwa chovala ndi mbewa ya kompyuta. Chithunzi chikakhala chimodzi palibe vuto, koma wogulitsa zovala amene ali ndi zithunzi zambirimbiri za anthu omwe anavomera kujambulidwa amathera tsiku lonse pa zimenezi, ndipo dzanja likatopa mizere imayamba kukhota.

Ntchitoyi ikhoza kugwiridwa ndi modelo yogawa chithunzi, imene imapatsa kadontho kalikonse, kapena kuti pikiselo, nambala yonena kuti apa ndi tsitsi, apa ndi thalauza. Imodzi yodziwika pa zovala ndi `mattmdjaga/segformer_b2_clothes` ya pa Hugging Face, webusaiti yosungirapo mamodelo. Inamangidwa pa SegFormer ya mu 2021, ndipo inaphunzitsidwa pa zithunzi za anthu zotchedwa ATR. Imadziwa magulu 18. Ofunika kuwakumbukira ndi awa: 4 ndi chovala chakumtunda, 5 siketi, 6 thalauza, 7 diresi, 2 tsitsi, 11 nkhope, ndipo 14 ndi 15 ndi mikono iwiri. Apa ndi pomwe imaposera SAM, modelo ina yogawa chithunzi imene kampani ya Meta inatulutsa mu 2023. SAM imadula m'mbali bwino kwambiri koma sidziwa dzina la chimene yadulacho, moti imafuna munthu woilozera kapena modelo ina yoitsogolera.

Titenge chithunzi cha mapikiselo 1024 m'lifupi ndi 1536 m'litali. Mayi wavala bulauzi yofiira ya manja aafupi, ndipo tikufuna ikhale yabuluu. Masiki oyamba amapezeka motere mu Python, pomwe `img` ndi chithunzicho, `model` ndi modelo ija, `proc` ndi chokonzera chithunzi chisanalowe mu modelo, `F` ndi `torch.nn.functional`, ndipo `np` ndi NumPy:

```python
out = model(**proc(images=img, return_tensors="pt")).logits
out = F.interpolate(out, size=img.size[::-1], mode="bilinear")
seg = out.argmax(1)[0].numpy()
mask = np.isin(seg, [4]).astype("uint8") * 255
```

Mukawayang'ana masiki amenewa amaoneka abwino, ndipo anthu ambiri amawatumiza choncho kokajambula. Zotsatira zake ndi bulauzi yabuluu yokhala ndi kamzere kofiira m'khosi, m'mapewa ndi m'chiuno. Chifukwa chake chili m'masamu a modeloyo. Chithunzi chisanalowe chimafinyidwa kukhala 512 kwa 512, ndipo yankho limatuluka laling'ono kanayi, 128 kwa 128. Pachithunzi chathu, kabokosi kamodzi ka yankho kakuimira mapikiselo 8 m'lifupi ndi 12 m'litali. Mzere wachiwiri wa malamulo aja umangokuza yankholo ndi kulisalaza, sungabweretse zimene modelo sinaone. Choncho m'mbali mwa masiki mukhoza kuphonya ndi mapikiselo angapo, pena kulowa mkati mwa nsalu, pena kutuluka kunja. Pamene palowa mkati, nsalu yakale imatsala. Choipa china n'chakuti pulogalamu yojambula imaona kamzere kofiirako ngati chinthu choyenera kulumikizana nacho, ndiye imakokera kufiira mkati mwa buluu.

Mankhwala ake ndi kunenepetsa masiki kuti apyole pang'ono m'mbali mwa chovala. Pachithunzi cha kukula uku, mapikiselo 12 mpaka 16 ndi poyambira pabwino. Chithunzi chikakula kawiri, nambalayi ikulenso kawiri.

```python
k = cv2.getStructuringElement(cv2.MORPH_ELLIPSE, (25, 25))
mask = cv2.dilate(mask, k)
mask[np.isin(seg, [2, 11])] = 0
soft = cv2.GaussianBlur(mask, (0, 0), 4)
```

Kachizungulire ka 25 kamakuza masiki ndi mapikiselo 12 mbali zonse. Mzere wachitatu ndi wofunika kwambiri, ndipo uyenera kubwera pambuyo pa kunenepetsa. Masiki akamakula sasankha kolowera: amadya chibwano, amadya tsitsi logwera paphewa. Mukachotsa nkhope ndi tsitsi musananenepetse, kunenepetsako kudzazilowereranso, ndipo mudzapeza chibwano cha mayi uja chasintha kapena nsonga za mesh yake zasanduka kolala. Mukanenepetsa mopitirira, chizindikiro chake ndi china: khoma kapena msewu wa kumbuyo umapindika mozungulira thupi, ndipo munthuyo amaoneka wonenepa kusiyana ndi m'mene alili, chifukwa pulogalamu yadzaza nsalu malo onse amene yapatsidwa.

Pali malire amodzi amene kunenepetsa sikungathetse. Modelo imakupatsani maonekedwe a chovala chimene chilipo, pomwe kujambula kumafuna malo a chovala chimene chikubwera. Kusintha mtundu wokha, ziwirizi n'zofanana. Koma mukafuna kuti bulauzi ya manja aafupi ikhale ya manja aatali, gulu 4 lokha silikwanira. Mungalembe malangizo abwino bwanji, manja a bulauziyo adzathera pomwe anathera kale, poti kupitirira apo ndi pakuda. Muyenera kuwonjezera 14 ndi 15. Vuto lake n'lakuti magulu amenewa amatenga mkono wonse mpaka zala, ndipo zala ndi zimene mapulogalamu ojambula amakonda kuwononga. Apa ine ndimalangiza kubwerera ku dzanja: detsani zikhatho zonse ziwiri kuyambira pamfundo pomwe timavala wotchi, ntchito ya masekondi ochepa. Ndi bwino kutero kusiyana ndi kupatsa kasitomala chithunzi cha munthu wa zala zisanu ndi chimodzi.

Magulu 18 aja alibe chitenje. Mayi akamanga chitenje pamwamba pa diresi, modelo imakakamizika kusankha pakati pa mayina amene ikuwadziwa, ndiye mbali ina ikhoza kutchedwa siketi, ina diresi, ndipo masiki a gulu limodzi amatuluka obowoka. Chimodzimodzi bulauzi ndi siketi zosokedwa pa nsalu imodzi, zomwe zikhoza kuwerengedwa ngati diresi. Musaweruze poyang'ana masiki okha. Pakani gulu lililonse mtundu wakewake pamwamba pa chithunzi, muone chimene modelo yaganiza, kenaka phatikizani magulu oyenera, monga `[5, 7]`. Timabowo ting'onoting'ono timatsekeka ndi `cv2.morphologyEx(mask, cv2.MORPH_CLOSE, k)`. Pachithunzi pakakhala anthu awiri, modelo imeneyi siisiyanitsa eni ake, imayeretsa malaya a onse. Dulani chithunzi patsale munthu mmodzi, zomwe zimathandizanso kuti tibokosi tija tiimire mapikiselo ochepa.

Gawo lomaliza limaiwalika kawirikawiri. Stable Diffusion sigwira ntchito pa mapikiselo enieni. Imapanikiza chithunzi chonse kasanu ndi katatu mbali iliyonse, n'kuchifutukulanso ikamaliza, ndipo paulendo umenewu ngakhale malo akuda amasintha pang'ono: maso amafooka, zilembo za pachikwangwani zimasokonekera. Ndiye musatenge chithunzi chotulukacho chonse. Tengani chovala chokha, muchimate pa chithunzi choyambirira ndi `Image.composite(new, img, Image.fromarray(soft))`, pomwe `new` ndi chithunzi chotulukacho, mutaonetsetsa kuti zonse zitatu n'zofanana kukula. Apa ndi pomwe masiki osalazidwa aja amagwira ntchito yake, kubisa msoko pakati pa chatsopano ndi chakale. Msoko ukamaonekabe, kwezani 4 wa mu `GaussianBlur` uja afike 6, koma kusalaza kusapose theka la kunenepetsa, apo ayi kufiira kwa bulauzi yakale kudzayambanso kuonekera m'mphepete.