Ndani wayankhula, nthawi yanji? Mafunso ndi mayankho pa dayarizeshoni

Ndajambula mawu a msonkhano wa banki mkhonde, amayi 6, pafoni imodzi. Kodi kompyuta ingandiuze yemwe wanena chiyani?

Ingakuuzeni kuti mawu awa ndi awo akufanana, ndiye mwina ndi a munthu mmodzi. Dzina lake siyilidziwa. Ntchito imeneyi amaitcha dayarizeshoni, ndipo pulogalamu yaulere ngati pyannote.audio ikamaliza imakupatsani mizere yotere:

```
SPEAKER msonkhano 1 12.40 3.10 <NA> <NA> SPEAKER_01 <NA> <NA>
```

Mzerewu ukunena kuti munthu amene wapatsidwa chizindikiro cha SPEAKER_01 anayamba kuyankhula pa sekondi 12.40, nayankhula masekondi 3.10. Kuti SPEAKER_01 ndi msungichuma, mudziwa ndinu mukamvetsera. Mukajambulanso sabata yamawa, mayi yemweyo akhoza kukhala SPEAKER_04, chifukwa manambalawa amayambira pomwepo pa fayilo iliyonse.

Imasiyanitsa bwanji mawu a anthu?

Imayamba yapatula pamene pali kuyankhula ndi pamene pali zii kapena phokoso chabe. Kenako imadula kuyankhulako m'tizidutswa, ndipo kachidutswa kalikonse imakasandutsa mndandanda wa manambala wofotokoza kamvekedwe ka mawuwo. Pomaliza imaunjika pamodzi tizidutswa tomwe manambala ake ayandikana. Mulu uliwonse ndiye "munthu" mmodzi.

Vuto lagona pakuunjikapo. Amayi awiri apachibale, a mawu ofanana, amatha kulowa mumulu umodzi. Mayi mmodzi amene poyamba amayankhula motsitsa ali pakhomo, kenako n'kusendera pafupi ndi foni akukalipa za ngongole yosabwezedwa, amatha kugawidwa pawiri. Muzindikira izi mukawerenga zizindikiro: mukapeza 8 pomwe munali anthu 6, wina wagawidwa, mukapeza 4, ena aphatikizidwa. Ngati chiwerengero mukuchidziwa, iwuzeni kudzera pa `num_speakers=6`. Koma werengani okhawo amene anatsegula pakamwa, pamodzi ndi inuyo ngati munafunsapo mafunso. Mukaiuza 6 pomwe anayankhula 5, idzang'amba munthu mmodzi kuti chiwerengero chikwane.

Nanga Chichewa imachimva?

Dayarizeshoni imatsata kamvekedwe ka mawu osati tanthauzo, choncho imagwira ndithu pa Chichewa. Kulemba zomwe zanenedwa ndi ntchito ina. Whisper, yomwe OpenAI inatulutsa mu 2022, imalemba mawu koma payokha siyisiyanitsa oyankhula, ndipo Chichewa mulibe mumndandanda wa zilankhulo zake.

Ndamva kuti pulogalamu imalakwitsa 15 peresenti yokha. Si zabwino zimenezo?

Nambala imeneyo ndi DER, muyezo wa zolakwika za dayarizeshoni, ndipo imawerenga nthawi, osati kulemera kwa mawu. Tiyerekeze kuti pamsonkhano wanu panali mphindi 60 za kuyankhula. Mphindi 3 pulogalamu sinamve kuti wina akuyankhula. Mphindi 1.5 inayesa kulira kwa mwana kapena wailesi ya oyandikana nawo ngati mawu a membala. Mphindi 4.5 inapereka mawu kwa munthu wolakwika. Zonse pamodzi ndi mphindi 9, ndipo 9 pa 60 ndi 15 peresenti.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti mphindi 9 zimenezo sizimwazikana mwachisawawa. Wapampando akamawerenga malamulo mphindi zisanu ali yekha, pulogalamu siyiphonya. Imaphonya pamene awiri kapena atatu ayankhulira pamodzi, ndi pa timawu tachidule monga "eya", "ayi", "ine ndakana", chifukwa theka la sekondi n'lochepa kuti lionetse bwino mawu a munthu. Pamsonkhano wa ndalama, pomwepo ndi pamene pamamangidwa mfundo. "Ndavomera" mmodzi woikidwa pakamwa pa mayi amene anakana sasuntha DER kwenikweni, koma akhoza kudanitsa anthu.

Funsaninso mmene anayezera. Oyeza ena salabadira masekondi 0.25 mbali iliyonse ya malire a kuyankhula, ena amachotseratu malo onse oyankhulira pamodzi. Nambala ikatero imaoneka yokongola kuposa zomwe mudzaone pakhonde.

Ndichite chiyani kuti zolakwika zichepe?

Zambiri zimakonzeka musanayambe kujambula. Foni ikhale pakati pa bwalo, pansalu yopinda, osati patebulo pomwe akuwerengerapo makobiri. Poyambirira aliyense anene dzina lake ndi chiganizo chathunthu, kuti mudzathe kulumikiza zizindikiro ndi mayina. Apa n'pomwenso mupemphe chilolezo chawo chowajambula. Wotsogolera azitchula amene akumupatsa mpata: "Tiyeni, amayi a kuchigayo." Maikolofoni ya munthu aliyense payekha ndiye njira yabwino koposa, kwa amene angakwanitse.

Ndingalembe mu lipoti kuti "msungichuma anati..." potengera zizindikirozi?

Ayi, pokhapokha mutamvetsera nokha pamalopo. Pitani pa sekondi yomwe yalembedwa, mubwerere m'mbuyo masekondi 10, mumve amene anayamba ndi amene anamudula mawu. Ngati simukutsimikizabe, lembani kuti "membala wina anati".