Mphindi 80 zophunzitsa ana a sekondale kufufuta chinthu pa chithunzi

Mwana wa sekondale aliyense amene wagwirapo foni angathe kufufuta botolo pa chithunzi musanamalize n'komwe kufotokoza. Chimene sadziwa n'chakuti n'chifukwa chiyani botolo likuchoka bwinobwino pa kapinga, koma pa khoma la njerwa likusiya chipsera. Phunziro limene ndikulongosola pano lagona pa funso limenelo. Ndi la mphindi 80, ndipo pulogalamu yake ndi Snapseed, ya kampani ya Google, yaulere pa mafoni a Android ndi iPhone. Ndimaikonda pophunzitsa chifukwa mukaiika m'foni imagwira ntchito popanda intaneti, komanso siikulepheretsani kuona pamene yalakwitsa. Mapulogalamu ena ofufuta amabisa zonse, mwana amangodina n'kudabwa.

Chida chomwe tikufuna chikutchedwa Healing, ndipo chimapezeka pansi pa Tools. Malo a mabatani amasinthako malinga ndi foni ndi mtundu wa pulogalamuyo, choncho yesani pa mafoni amene ana adzagwiritse ntchito tsiku la phunziro lisanafike. Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kufotokoza. Mukapaka chala pa chinthu, malowo amaoneka ofiira. Mukachotsa chala, pulogalamuyo imatenga tizidutswa ta chithunzi ta pafupi pomwepo, n'kutiika pamalo mwapakapo, n'kusalaza m'mphepete. Zili ngati telala amene akusoka chigamba pa malaya koma nsalu ya chigambacho akuidula pa malaya omwewo, pambali pa chibowo. Nsalu ikakhala ya mtundu umodzi, palibe angazindikire. Ikakhala ya mizeremizere, mizere ija ikapanda kukumana aliyense aona. Healing sidziwa zimene zinali kuseri kwa botolo, ndipo simungaiuze pokatenga chigamba, imasankha yokha.

Ntchito yaikulu ya mphunzitsi ili pa kukonza chithunzi chophunzirira. Jambulani nokha chithunzi chimodzi, masana dzuwa likuwala, chokhala ndi zinthu zitatu. Choyamba, botolo lapulasitiki lili lokha pakati pa kapinga, mthunzi wake ukuoneka. Chachiwiri, waya wamagetsi wodutsa m'mlengalenga n'kukafika pa denga la nyumba. Chachitatu, chikwama chotsamira khoma la njerwa, theka lake lili pa khoma, theka pansi. Musaikemo nkhope ya mwana aliyense. Gulu lililonse lilandire chithunzi chomwechi, kuti poyerekeza zotsatira pasakhale wonena kuti chake chinali chovuta. Potumiza, dziwani kuti WhatsApp imachepetsa chithunzi mukachitumiza mwa nthawi zonse. Chitumizeni ngati Document kapena, pa mafoni a Android, pa Bluetooth, kuti chifike ndi tsatanetsatane wake wonse. Ana atatu pa foni imodzi akukwana: wina wogwira, wina woyang'anitsitsa, wina wolemba, ndipo azisinthana pa chinthu chilichonse.

Mphindi 10 zoyamba mafoni akhale chafufumimba pa desiki. Onetsani chithunzicho ndipo mufunse gulu lililonse lilembe kuti mwa zinthu zitatuzi chosavuta kuchotsa ndi chiti, chovuta ndi chiti, ndi chifukwa chake. Ambiri adzanena kuti waya ndiye wovuta popeza ndi wautali. Musawatsutse. Sungani mayankhowo, adzawafuna kumapeto. Kenako, kwa mphindi zina 10, onetsani njira yonse kamodzi pa kadontho kena ka pa chithunzicho: kutsegula ndi Open, kulowa mu Tools, kusankha Healing, kupaka, kubwerera m'mbuyo ndi kamuvi kokhota ka m'munsi, ndi kuvomereza podina kachizindikiro kochonga.

Tsopano botolo, mphindi 15. Apa ndi pamene pali mfundo imene anthu ambiri ogwiritsa ntchito Snapseed saidziwa. Healing ilibe batani losinthira kukula kwa burashi, kutanthauza malo amene chala chimapaka. Burashiyo imakhala yofanana pa sikirini nthawi zonse, choncho njira yokhayo yoichepetsera ndi kukulitsa chithunzi potambasula zala ziwiri. Lembani masamu ake pa bolodi. Chithunzi cha mamegapikiselo 12 chimakhala cha mapikiselo, timadontho topanga chithunzi, 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi. Tiyerekeze kuti chithunzi chonse chikuoneka pa sikirini, ndipo chala chaphimba gawo limodzi mwa magawo 10 a m'litali mwake: ndiye kuti mwapaka mapikiselo 400. Mukakulitsa chithunzicho kanayi, chala chomwecho chipaka mapikiselo 100 okha. Ngati botolo lili la mapikiselo 80 m'mimba mwake, kupaka osakulitsa n'kuuza pulogalamuyo kuti isoke chigamba chachikulu kasanu kuposa chofunika, ndipo kapinga wabwinobwino wozungulira botololo awonongeka naye.

Alekeni ana ayambe kuyesa osakulitsa, aone chibanthu chosamveka bwino chimene chitsale. Abwerere m'mbuyo, akulitse mpaka botolo litenge pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a sikirini, apake kamodzi kuphimba botolo lonse ndi kampata pang'ono m'mbali mwake. Kampatako n'kofunika. Mukasiya kachidutswa ka m'mphepete mwa botolo kosapaka, pulogalamuyo imakatenga ngati gawo la kapinga n'kukafalitsa mkati, ndipo mumaona mtundu wa botolo utamwazika ngati utoto. Komano kukulitsa mopyola nako n'kulakwa, chifukwa botolo silingaphimbike ndi mpako umodzi, ndipo mpako uliwonse ungatenge chigamba pa gawo la botolo limene latsala.

Magulu ambiri adzakweza manja kuti amaliza. Pitani mukaone, ndipo mudzapeza mthunzi wa botolo uli pomwepo pa kapinga, wopanda mwini wake. Musawauze. Ingofunsani kuti dzuwa linali mbali iti. Woyang'anitsitsa uja ndiye amayamba kuseka.

Waya apatseni mphindi 15. Pakati pa mlengalenga ndi wosavuta kwenikweni, bola asapakidwe ndi mpako umodzi wautali kuchokera uku mpaka uko. Mtundu wa kumwamba umasintha pang'onopang'ono, wobiriwira kwambiri m'mwamba, woyererako cha m'munsi, ndipo mpako wautali umasiya mzere wotuwa wotsata pamene panali waya. Timipako tifupitifupi, tolowana pang'ono, timagwira bwino. Vuto lili pomwe waya wakumana ndi denga. Mpako ukakhudza denga, pulogalamuyo imakoka mtundu wa denga kuulowetsa m'mlengalenga, kapena imaluma denga n'kusiya mpata. Chochita ndi kuyambira kutali, kubwera chakudenga, kukulitsa kwambiri pamene mwayandikira, n'kumadina kadontho kamodzikamodzi m'malo mokoka chala. Zikakanika, kubwerera m'mbuyo n'kupakanso mosiyanako pang'ono kumabweretsa chigamba china, chifukwa mpako ukasintha, pokatenga chigamba pamasinthanso. Ndipo kusiya kachidutswa kakang'ono ka waya pa denga kuli bwino kuposa denga lolumidwa. Kachidutswako palibe amakafunsa.

Chikwama cha pa khoma ndinachiika dala kuti chikanike, ndipo mphindi 10 n'zokwanira. Ndi chachikulu, kuseri kwake kuli mizere ya njerwa yoyenera kukumana ndendende, ndiponso chaphimba mzere umene khoma lakumana ndi nthaka. Ana adzapeza njerwa zopindika, njerwa imodzi yothyoka ikuoneka kawiri kapena katatu, ndi dothi litakwera pa khoma. Ena adzapaka pamwamba pa zopakapaka kufuna kukonza, ndipo malowo adzangosanduka phala, popeza chigamba chilichonse chatsopano chikutengedwa pa chigamba cholakwika kale. Aphunzitsi ena amaona ngati n'kutaya nthawi kupatsa ana ntchito yoti alephere. Ine ndimaona kuti popanda gawo limeneli mwana amatuluka m'kalasi akuganiza kuti vuto lililonse ndi la chala chake. Afunseni kuti wojambula akanatani. Mayankho abwino ndi awiri: kusuntha chikwamacho asanajambule, kapena, ngati chili cha m'mphepete mwa chithunzi, kuchidula ndi Crop.

Kusunga kutenge mphindi 5, koma musakudumphe. Pa Android, Save imapanga chithunzi chatsopano ndipo choyamba chimatsala. Pa iPhone asankhe Save a copy kuti akhale ndi zithunzi ziwiri. Aonetseninso View edits, yopezeka pa kachizindikiro ka m'mwamba, imene imandandalika masitepe onse amene avomereza. N'chifukwa chake ndi bwino kudina chochonga pa chinthu chilichonse payekhapayekha: botolo likhale sitepe yake, waya yake, chikwama yake. Akatero angathe kutaya sitepe ya chikwama osataya zinazo.

Mphindi 15 zotsala magulu asinthane mafoni. Gulu lililonse lifufuze ntchito ya anzawo, choyamba chithunzi chili chonse, kenako litakulitsa. Kugwira chala pa chithunzi osachotsa kumaonetsa mmene chinalili poyamba, ndipo kuchita zimenezi mobwerezabwereza kumaulula pamene pasintha. Zofufuza ndi zomwe akumana nazo kale: malo osalala pakati pa udzu wakuthwa, kachinthu kooneka kawiri, mzere wowongoka umene wapindika, mthunzi wopanda mwini. Ndiye abwerere ku zimene analemba poyamba paja, alembe pansi pake ngati akugwirizanabe nazo. Pofika apa ambiri amakhala atazindikira okha kuti chovuta si kutalika kwa chinthu koma zimene zili kuseri ndi m'mbali mwake.

M'mphindi zomwezi muikemo nkhani imodzi yoona. Mu Januwale 2014 bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press linasiya kugwira ntchito ndi wojambula Narciso Contreras, mmodzi wa amene anapambana mphoto yotchuka ya utolankhani ya Pulitzer mu 2013, chifukwa anafufuta kamera ya mnzake imene inkaoneka pakona ya chithunzi cha msilikali wa gulu loukira boma ku Syria. Sanasinthe munthuyo, sanasinthe mfuti, anangochotsa kamera. Funsani ana kuti zikusiyana pati ndi botolo lathu lija. Alekeni akangane pang'ono. Kumene ndimafuna afike n'kwakuti zimatengera ntchito ya chithunzicho: chokongoletsa chikwangwani cha kalabu mungachikonze, koma chopita m'nyuzipepala ya sukulu ngati nkhani, kapena cha zotsatira za kuyesa kwa sayansi, sichichotsedwa kanthu. Ndipo chithunzi cha munthu wina sachisintha asanamupemphe.

Pa ntchito yokachita kunyumba, mwana aliyense ajambule chithunzi chake chopanda anthu, achotse chinthu chimodzi, apereke zithunzi zonse ziwiri pamodzi ndi ziganizo zitatu zofotokoza chifukwa chimene anasankhira chinthucho ndi pamene panavuta. Pa mamalikisi 10, ine ndimapereka 4 pa kufufuta kwenikweniko, 2 pa kusunga chithunzi choyamba, ndi 4 pa kufotokoza. Amene alibe foni kunyumba apatseni chithunzi chosindikiza pa pepala, azungulize ndi pensulo zinthu zitatu, alembe chimene Healing ingachotse bwino, chimene ingavutike nacho, ndi chifukwa chake, ndipo mamalikisi onse 10 achokere pa kufotokozako.