Kalata yapita kwa a Mphatso: kodi ndi bambo kapena mayi?

Mphatso, Chikondi, Chisomo, Thokozani, Chimwemwe, Yamikani, Madalitso, Takondwa. Mwana akabadwa, makolo samayamba afunsa ngati dzina lotere likuyenera mnyamata kapena mtsikana, chifukwa limanena zimene zili mumtima mwawo pa nthawiyo. Ndi mayina okoma, koma amavutitsa munthu amene wakhala pansi kuti alembe kalata kwa mwini dzina amene sanamuonepo. Pa ntchito yanga ya ulembi wa mu ofesi, makalata amene amadutsa m'manja mwanga ali ndi "Bambo" pomwe wolandira ndi mayi ndi ochuluka ndithu, ndipo ambiri mwa iwo ndi ofunsira ntchito kapena opempha thandizo. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa mzere woyamba umene wolandira amawerenga ukumuuza kale kuti wolembayo wangoponya mwala kumdima.

Chimene ndimauza aliyense ndi chakuti musalote. Ngati simukudziwa, Chichewa chili ndi njira yolemekezera munthu popanda kutchula kuti ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo njirayo timaigwiritsa ntchito tsiku lililonse pakamwa. Timangoiiwala tikagwira cholembera.

Tiyerekeze kuti mwaona chidziwitso cha ntchito m'nyuzipepala, ndipo pamunsi alemba kuti makalata apite kwa Mphatso Uje, mkulu woona za olembedwa ntchito. Choyamba ndi kufufuza pang'ono. Ngati pali nambala ya ofesi, imbani ndi kufunsa wolandira alendo kuti, "Ndikufuna kulembera a Mphatso Uje, kodi ndiwatchule kuti bambo, mayi kapena ali ndi udindo wina?" Funso ili silichititsa manyazi, ndipo ife a mu ofesi timaliyankha mosangalala. Mwina mudzamva kuti ndi a Dokotala Uje, ndipo nkhani yathera pompo, popeza Dokotala, Pulofesa, Abusa ndi Olemekezeka ndi maudindo amene amalowa m'malo mwa bambo kapena mayi.

Pali njira zina zofufuzira zimene zimanamiza. Chithunzi cha pa WhatsApp si umboni, pakuti ambiri amaikapo mwana wawo, amuna awo kapena mayi awo. Ena amayesa ngati akutumiza ndalama pa foni kuti aone dzina limene litulukire, koma nambala ikhoza kukhala yolembetsedwa ndi chiphaso cha m'bale. Ngakhale dzina la makolo limasocheretsa. Tonse tikudziwa kuti a Naphiri, a Nabanda ndi a Nambewe ndi amayi a mfunda wa Phiri, Banda ndi Mbewe, ndiponso kuti kumpoto a Nyagondwe ndi mayi wa kwa a Gondwe. Koma mayina ambiri oyamba ndi "Na" kapena "Nya" anasanduka mayina a banja lonse. A Kondwani Nankhumwa, andale odziwika aja, ndi bambo, ndipo kwa a Nyasulu kuli abambo ndi amayi omwe. Choncho chiyambi cha dzina chingakupatseni ganizo, koma osati chilolezo cholemba "Mayi".

Mwayesa kuimba, foni sinayankhidwe, ndipo tsiku lotsekera kulandira makalata ndi mawa. Apa lembani dzina lonse, kutsogolo kwake muikeko "a" waulemu: "Okondedwa a Mphatso Uje,". Palibe chalakwika pa malonje amenewa. Alibe bambo, alibe mayi, koma ulemu ulipo wokwanira. M'thunthu la kalata simudzavutikanso, chifukwa "inu", "mwa", "mu" ndi "anu" sasankha mwamuna kapena mkazi: "Ndaona chidziwitso chimene munatulutsa", "Ndikupempha kuti mundiganizire". Mukamanena za munthuyo kwa wina, "iwo" akukwanira. Onetsetsani kokha kuti mwalemba "Okondedwa" osati "Wokondedwa". Kusukulu ambiri tinazolowera "Wokondedwa Bambo", koma kwa munthu wamkulu amene simukumudziwa, "wo" uja amamveka ngati mukulankhula ndi mnzanu wa msinkhu umodzi, ndipo ena amamumva ngati chiyambi cha kalata ya chibwenzi. Amene mawuwa sawakonda n'komwe akhoza kungolemba "Kwa a Mphatso Uje," kapena mu imelo "Zikomo a Mphatso Uje,". Zonsezi ndimazilandira bwino.

Dzina loyamba lokha musalembe. "Okondedwa Mphatso" ndi malonje a munthu amene munadyapo naye mbale imodzi. Ndipo ngati dzina mwalitenga pa mndandanda wa ku ofesi kapena kusukulu, kumbukirani kuti kawirikawiri mindandanda imayamba ndi dzina la makolo. Kulemba mayina onse awiri kumakupulumutsani ku vuto limenelinso.

Nanga ngati dzina palibiretu? Apa m'pamene ambiri amathamangira "Bambo/Mayi". Si kulakwa, ndipo pa mayeso a Chichewa palibe amene angakuchotsereni malikisi. Koma ine ndimaona kuti udindo umaposa. Kalata yopita kusukulu iyambe ndi "Okondedwa Aphunzitsi Aakulu,". Yopita ku khonsolo ya boma iyambe ndi "Kwa a Bwanamkubwa,", ndipo dzina la udindoli timaligwiritsa ntchito ngakhale pampandopo pali mayi. Yopita ku bungwe ikhoza kunena "a Wapampando" kapena "a Mlembi". Ubwino wake ndi wapawiri: simulakwitsa, komanso ife otsegula makalata timadziwa msanga tebulo limene kalatayo ikuyenera kupita. Kalata ya "Bambo/Mayi" yopanda udindo imatha masiku ikuzungulira, aliyense akuganiza kuti ndi ya mnzake.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chizolowezi choganiza kuti udindo ukakhala waukulu ndiye kuti mwini wake ndi bambo. Dziko lino linakhala ndi mtsogoleri wamayi, a Joyce Banda, kuyambira 2012 mpaka 2014. Mu 2019 a Catherine Gotani Hara anasankhidwa kukhala Sipikala wa Nyumba ya Malamulo. Kumudzi nkhaniyi ndi yakale kwambiri, popeza mafumu aakazi ndi ambiri ndipo dzina laufumu limalowedwa, silisintha. A Theresa Kachindamoto a ku Dedza ankadziwika ndi dzina lomwelo la Kachindamoto limene amuna analinyamulapo m'mbuyomo. Wolemba "Bambo" chifukwa chongoona dzina laufumu akanalakwira mfumu yaikulu. Kwa mafumu lembani "Gogo Chalo", "a Mfumu" kapena "Inkosi" kwa Angoni, basi.

"Olemekezeka" sungani kwa aphungu, nduna ndi ena a maudindo otero. Mukalemba mawuwa kwa kalaliki wa ku ofesi ya zamalo, amaona ngati mukumunyengerera. Mawu a pamsewu monga "abwana", "achimwene", "asisi" kapena "madala" ndi abwino mukaonana maso ndi maso, koma alibe malo pa kalata yopita kwa munthu wosamudziwa. Ndiponso mu imelo pewani "Mwadzuka bwanji" kapena "Mwaswera bwanji", chifukwa simudziwa nthawi imene adzawerenge. "Landirani moni" amakhala bwino nthawi iliyonse, ndipo pa kalata yantchito mukhoza kudumpha moniyo n'kulunjika pa mutu wa nkhani.

Makalata ambiri ofunsira ntchito timalemba m'Chingerezi, ndipo kumeneko "a" waulemu kulibe. Njira yofanana nayo ndi kutaipa "Dear" kenako mayina onse awiri, popanda "Mr" kapena "Mrs". Ngati mukudziwa kuti ndi mayi koma simukudziwa ngati ali pabanja, lembani "Ms". M'Chichewa vutoli sitili nalo, chifukwa "Mayi" amalemekeza wokwatiwa ndi wosakwatiwa yemwe. Ngati dzina palibe, "Dear Sir/Madam" akugwirabe ntchito, koma "Dear Sir" yekha musiyeni. "To whom it may concern" ndi wa makalata a umboni amene munthu amayenda nawo kukaonetsa kulikonse, osati wa kalata imene mukudziwa ofesi yake.

Mawu otsekera ayenera kugwirizana ndi malonje. Pa Chingerezi chimene timaphunzira m'masukulu athu lamulo ndi lachidule: mukatchula dzina pamwamba, pansi mulembe "Yours sincerely"; mukapanda kutchula dzina, mulembe "Yours faithfully". Olemba anthu ntchito ambiri anadutsa m'manja mwa aphunzitsi okhwima pa lamuloli ndipo amaona msanga mukasakaniza. M'Chichewa mulibe lamulo louma chotero, koma khutu limamva. Kalata yoyamba ndi "Kwa a Bwanamkubwa" singathe ndi "Tionana" kapena "Ndatha ine mnzanu". Kwa munthu wosamudziwa, "Ine wanu," kapena "Ndine wanu wokhulupirika," n'zokwanira, ndipo mu imelo "Zikomo," yekha amatseka bwino. Musanafike pamenepo, chiganizo chomaliza chinene chimene mukuyembekezera, mwachitsanzo "Ndidzathokoza mukandiyankha lisanafike tsiku la msonkhano". Zonga "Ndagwira mwendo wanu, bwana" zimachepetsa wolemba popanda kukweza wolandira.

Samalaninso ndi mawu achipembedzo. "Wanu mwa Khristu" ndi woyenera polembera abusa kapena mkulu wa mpingo wanu, koma a Mphatso Uje a ku ofesi yaboma akhoza kukhala Msilamu kapena a mpingo umene sulankhula motero. Ngati simukudziwa kuti ndi bambo kapena mayi, ndiye kuti za chikhulupiriro chawo simukuzidziwanso.

Potsiriza pa kalatayo pali dzina lanu, ndipo ngati nanunso ndinu Chisomo kapena Thokozani, musasiye wolandira ali pa vuto lomwe munali nalo. Mukasaina, lembani pansi pake dzina lonse momveka, ndi kuonjezera Bambo kapena Mayi patsogolo kapena pambali, pamodzi ndi udindo ngati ulipo. Yankho likabwera, yang'anani mmene iwo asainira. Ngati alemba "Mayi M. Uje", kalata yanu yachiwiri iyambe ndi "Okondedwa Mayi Uje,". Ngati asaina ndi mayina awiri okha, pitirizani ndi "a Mphatso Uje" monga poyamba, chifukwa ndi mmene iwo eni adzitchulira.

Zikachitika kuti munalemba kale "Bambo" ndipo mwazindikira kuti ndi mayi, musakhale chete poganiza kuti sanaone. Anaona. Mu kalata yotsatira konzani malonje ndi kuika chiganizo chimodzi chokha koyambirira: "Pepani kuti m'kalata yapita ija ndinakutchulani molakwika." Kenako pitani ku nkhani imene mwalembera. Kupepesa kwa ndime yonse kumangokulitsa kanthu kamene mayiyo akanakaiwala atangoona kuti mwakonza.